Anapempha K327,500, cheke chinatuluka cha K308,300: lipoti la petikashi ya panthambi

Ofesi ndi bokosi lake

Nkhani iyi ndi ya petikashi, ndalama zosungidwa m'bokosi zolipirira zinthu zing'onozing'ono za mu ofesi, ya panthambi ya bungwe lina laling'ono logwira ntchito ndi makalabu a alimi m'chigawo chapakati. Ine ndimasunga mabuku a ndalama kulikulu, ndipo cheke chowonjezera ndalama m'bokosi la kunthambi sichilembedwa ndisanaone mavocha. Zomwe ndikufotokoza zinachitika sabata yomaliza ya Juni 2024, tikutseka chaka cha mabuku. Sindinapezeko wakuba. Zolakwika zomwe zinalipo ndi zija zimapezeka m'maofesi ambiri a anthu okhulupirika, n'chifukwa chake ndaona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuilemba.

Bokosi la panthambipo limayenda pa dongosolo la impiresiti. Bungwe limakhazikitsa ndalama imodzi yosasinthasintha, yomwe timaitcha fuloti, n'kuipereka m'manja mwa munthu mmodzi. Munthuyo akatulutsa ndalama iliyonse, m'malo mwake mumalowa vocha yosainidwa, lisiti litamatidwa kumbuyo. Choncho nthawi ina iliyonse, kaya m'mawa kaya pa ola loweruka, ndalama zotsala m'bokosi mukaziphatikiza ndi mavocha ziyenera kukwana fuloti ndendende. Ndalama zikatsala pang'ono kutha, wosunga bokosi amabweretsa mavochawo, ife n'kumubwezera ndalama zofanana ndi mavocha omwe tavomereza, bokosi n'kubwereranso pa mlingo wake wakale.

Panthambipo fuloti inali K400,000. Poyamba inali K250,000, koma tinaikweza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chifukwa bokosi linayamba kuuma sabata ziwiri zisanathe. Malamulo ake anali ochepa: vocha imodzi isapyole K40,000, vocha iliyonse ivomerezedwe ndi a manijala a panthambi ndalama isanatuluke, ndipo m'bokosi mukatsala ndalama zochepera K100,000, pempho lowonjezera litumizidwe. Wosunga bokosi anali mayi yemwe amagwiranso ntchito yolandira alendo, kuyankha foni ndi kulemba makalata. Ichi muchisunge m'mutu, chifukwa munthu wopereka ndalama foni ili kukhutu ndiye amaiwala kulemba vocha.

Pempho lomwe linabwera

Pepala lopempha ndalama linali laukhondo. Mayiwo analemba kuti fuloti ndi K400,000, m'bokosi mwatsala K72,500, choncho akupempha K327,500. A manijala anali atasaina kale. Masamuwo analibe cholakwika, ndipo cheke cha K327,500 chikanabwezeradi bokosi pa K400,000.

Vuto linali lakuti nambalayo inachokera mbali imodzi yokha. Ndalama yowonjezera m'bokosi ili ndi njira ziwiri zoipezera. Yoyamba ndi yomwe anatsata mayiwo, kuchotsera zotsala pa fuloti. Imeneyi imangokuuzani kuti m'bokosi mwatuluka zingati. Yachiwiri ndi kuwonkhetsa mavocha, ndipo imeneyi ndi yomwe imakuuzani kuti mwa zotulukazo, zomwe zili ndi umboni ndi zingati. Cheke chimatsatira njira yachiwiri. Yoyamba ntchito yake ndi kuyesa yachiwiriyo, ndipo ngati ziwirizi sizikupereka nambala imodzi, cheke chimadikira.

Tsamba la buku la petikashi lomwe linabwera ndi pempholi linkasonyeza mavocha kuyambira nambala 141 mpaka 163, ndipo pansi pake panali K289,300. Kuchoka pa K327,500 kufika pa K289,300 pali K38,200 yopanda chikalata chilichonse.

Tikanalemba cheke monga chinapemphedwera, kubanki kukanatuluka K327,500, ndipo m'mabuku ndikanayenera kuigawa yonse ku maakaunti a zogula. K289,300 ikanapeza pokhala. K38,200 yotsalayo ikanathera ku akaunti ya "zina ndi zina", komwe kumathera chilichonse chomwe akauntanti watopa nacho. Bokosi likanadzaza, mwezi wotsatira likanakwana bwinobwino powerenga, ndipo palibe akanakumbukiranso kuti panali funso.

Kuwerenga ndalama

Poti chaka chinali kutha ndipo tinkafunikabe chikalata cha ndalama za m'bokosi choti maodita adzaone, ndinapita kunthambiko osanena tsiku. Powerenga petikashi ndili ndi lamulo limodzi lomwe sindiliphwanya: bokosi sindiligwira mwini wake palibe. Amatsegula ndi iye, amawerenga ndi iye ine ndikuona, kenako ndimawerenganso iye akuona, tonse n'kusaina pepala lomwe talembapo ndalamazo mtundu ndi mtundu. Ukawerenga wekha n'kupeza kuti zaperewera, iwenso walowa m'gulu la oganiziridwa.

Tinapeza ma K5,000 asanu ndi anayi, ma K2,000 asanu ndi atatu, ma K1,000 asanu ndi awiri, ma K500 asanu ndi limodzi, ma K200 asanu ndi ma K100 asanu. Zonse pamodzi K72,500, monga analembera mayiwo. Choncho kuwerenga kwawo kunali kolondola, ndipo K38,200 ija inayenera kufunidwa m'mapepala.

Kutsata K38,200

Ntchito yoyamba inali kuyala mavocha patebulo motsatira manambala ndi kuyerekeza iliyonse ndi mzere wake m'buku. Ndi ntchito yotopetsa, koma ilibe chidule. Vocha 149 inali ya mayunitsi a magetsi a ESCOM, ndipo kapepala ka tokeni komanso vochayo zinkanena K9,500. M'buku munalembedwa K5,900. Manambala awiri anasinthana malo, buku n'kuchepa ndi K3,600.

Akauntanti aliyense amadziwa kuti manambala akasinthana chotere, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala, monga 3,600 amaperekera 400. Ndi chizindikiro chothandiza, koma chimagwira pokhapokha cholakwika chili chimodzi. K38,200 sigawika ndi 9, chifukwa mkati mwake munali zolakwika zingapo zitasakanikirana. Yemwe akanadalira kuyesa kumeneku akanati palibe manambala osinthana, pomwe alipo. Titakonza, zosowa zinatsika kufika pa K34,600.

Poyala mavocha paja panaonekanso china. Kuchoka pa 141 kufika pa 163 payenera kukhala mavocha 23, koma patebulo panali 22. Pambuyo pa 155 panabwera 157. M'buku la mavocha munali kope ya kaboni ya nambala 156, yosonyeza K20,000 yoperekedwa kwa dalaivala kuti akamatitse matayala a galimoto ndi kugula mavavu. Mayiwo anazula vochayo m'buku la mavochalo n'kumupatsa dalaivala kuti akamateko lisiti, ndipo sanailembe m'buku la petikashi chifukwa ankadikira kuti adziwe mtengo weniweni. Dalaivala titamuitana anatulutsa vocha, lisiti la K17,000 ndi chenji cha K3,000 m'kabokosi ka m'galimoto, momwe zinagona masiku angapo.

Ndalama yopereka munthu asanagule siyoletsedwa, chifukwa zinthu zambiri mtengo wake umadziwika ukafika pa sitolo. Koma pepala lake lisachoke m'bokosi. Yemwe watenga ndalama amasaina kapepala kotsala ndi wosunga bokosi, ndipo kapepalako kamawerengedwa ngati ndalama mpaka lisiti ndi chenji zitabwera. Vocha yeniyeni imalembedwa pamenepo, pa mtengo wa pa lisiti. Apa ndiye pomwe manambala osindikiziratu pa mavocha amagwira ntchito yawo. Mavocha ongojambulitsa pa makina, omwe nambala amalembapo ndi bolopeni, sakanationetsa kuti pali imodzi yomwe yayenda ulendo. K20,000 imeneyi itadziwika komwe ili, zosowa zinatsala K14,600.

Ndinafunsa ngati m'bokosimo muli pepala lina lililonse. Mayiwo anakhala kaye chete, kenako anatukula thireyi ya ndalama n'kutulutsa envulopu yaing'ono. Munali kapepala kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi mlangizi wina wa panthambipo: watenga K15,000, adzabweza malipiro akalowa.

"Bwana, anali ndi maliro kumudzi, ndipo a manijala kunalibe. Ndikanatani?" anatero.

"Mayi, sindikukutsutsani kuti vuto linalipo," ndinayankha. "Koma mukanapeza cheke chija, K15,000 imeneyi ikanabwezedwa ndi bungwe, osati ndi mwini ngongole."

Funso lawolo silopepuka, ndipo aliyense yemwe anasungapo ndalama za ofesi analimvapo kulemera kwake. Mnzako wa tsiku ndi tsiku waferedwa, ndalama ili m'dirowa mwako, kukana kumaoneka nkhanza. Maganizo anga ndi akuti lamulo loletsa ngongole za m'bokosi limateteza wosunga bokosiyo koposa momwe limatetezera bungwe, chifukwa limamupatsa choyankha: si ine ndikukana, ndi lamulo. Koma lamulolo limagwira pokhapokha bungwe lili ndi njira ina yachangu yoperekera munthu ndalama zodzamudula pa malipiro. Kwathu njirayo inalipo, kungoti inkadutsa kulikulu ndipo inkachedwa. Ndi chimodzi mwa zomwe tinakonza pambuyo pake.

Titachotsera K15,000 pa K14,600, masamu anatembenuka. M'malo moperewera, bokosi linaoneka kuti lapyola ndi K400. Mayiwo anapumira m'mwamba, a manijala n'kunena kuti ndiye nkhani yatha.

Siinathe. Bokosi la impiresiti lilibe kolowera ndalama kwina kupatula cheke chowonjezera ndi chenji chobwerera. Likapyola, ndiye kuti mwina wina sanapatsidwe ndalama zake zonse, kapena vocha ina yalembedwa mokweza, kapena mwalowa ndalama yomwe si ya mmenemo. Ndalama yopyola ndimaifufuza mofanana ndi yoperewera, ndipo kawirikawiri ndi yomwe imabisa zambiri.

Ndinapempha buku la malisiti a ndalama zolowa. Tsamba lomaliza linasonyeza K6,000 yomwe nthambi inalandira itagulitsa matumba akale a mbewu. Sitetimenti ya kubanki inalibe ndalama imeneyi. Mayiwo anavomera kuti anaiponya m'bokosi la petikashi, poganiza kuti K6,000 siyoyenera kukaimira pamzere kubanki, komanso kuti bokosi linali litayamba kuchepa. Choncho mwa K72,500 tinawerenga ija, za petikashi zenizeni zinali K66,500. Kupyola kwa K400 kunasanduka kuperewera kwa K5,600, komwe ndalama ya matumba inali itaphimba.

Kusakaniza ndalama zolowa ndi petikashi kumawononga zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndalama yomwe bungwe lapeza siioneka m'mabuku, ndipo bokosi limasiya kukhala ndi mlingo woliyesera, poti simudziwanso kuti liyenera kukwana zingati. Ndalama yolowa, ngakhale ikhale yochepa bwanji, imasungidwa mu envulopu yakeyake n'kukaikidwa kubanki yonse monga inalandiridwira.

Za K5,600 mayiwo anatsegula kabuku kawo ka zokumbutsa. Pa tsiku lina la pakati pa mwezi panalembedwa kuti "otsitsa katundu 5,000". Lole inabweretsa zipangizo madzulo, anyamata awiri a ganyu anatsitsa, analipidwa K2,500 aliyense, vocha osalembedwa. Kabuku ka munthu si umboni, choncho tinafuna china chochokera kwa munthu wina. Woyang'anira nyumba yosungira katundu anali ndi chikalata cholandirira katundu cha tsiku lomwelo, ndipo anyamatawo amadziwika chifukwa amakhala pa siteji yapafupi. Anabwera, anasaina kuti analandiradi, a manijala anavomereza, vocha 164 n'kulembedwa ndi deti la tsiku lomwe tinailemba, ndi mawu ofotokoza tsiku lomwe ntchito inagwiridwa. Deti sitilibweza m'mbuyo. Vocha yochedwa yonena poyera kuti yachedwa imaima pamaso pa odita, pomwe yonamizira deti imagwetsa ndi zinzake zomwe.

Anyamata a ganyu, a kabaza ndi a minibasi sapereka malisiti, ndipo palibe chifukwa chokanira kulipira zinthu zoterezi m'bokosi. Chofunika ndi chakuti vocha inene ulendo unali wochokera kuti kupita kuti ndi chifukwa chake, kapena ntchito inali yotani, ndipo wolandira ndalama asaine kapena adinde chala.

Panatsala K600. Tinaifuna m'mavocha onse kachiwiri, osaipeza. Ndikuganiza kuti inapita m'machenji. Chibwerereni K5,000 mu 2022, banki ikakupatsa ndalama zambiri zimakhala za mtundu umenewu, ndipo wosunga bokosi amapezeka akupereka K5,000 pa chinthu cha K4,800, K200 n'kumati ibwera. Malamulo athu amalola kuti kuperewera kosapyola K1,000 kulembedwe ku akaunti yakeyake ya zoperewera ndi zopyola, a manijala atasaina. Tinatero. Chomwe sitichita ndi kupeka vocha ya K600 ya "shuga" kuti masamu akwane. Akaunti ya zoperewerayo ndi yothandiza chifukwa pakutha pa chaka imaonetsa ngati K600 inali ya kamodzi kapena ndi ya mwezi ndi mwezi.

Masamu akwana, koma mavocha ali bwino?

Apa K38,200 yonse inali itafotokozeka. Komabe kukwana kwa masamu kumangosonyeza kuti ndalama iliyonse yotuluka ili ndi pepala. Sikusonyeza kuti pepalalo ndi loyenera kulipidwa. Choncho ndinabwerera ku mavocha, ulendo uno ndikuyang'ana kumbuyo kwake: deti la pa lisiti likugwirizana ndi la pa vocha? Ndalama ya m'manambala ndi ya m'mawu ndi imodzi? Wovomereza ndi wolandira ndi anthu awiri osiyana? Lisiti ndi lenileni kapena lojambulitsa?

Vocha 158 inali ya K7,200, ya zakumwa za pamsonkhano wa atsogoleri a makalabu. Vochayo inali ya mu Juni, koma lisiti lake linali la mu Epulo. Ndinaimbira mnzanga kulikulu kuti atsegule fayilo ya cheke cha mu Meyi, ndipo anapezamo kope yojambulitsa ya lisiti lomwelo, nambala yake yomweyo, italipidwa kale. Zomwe zinachitika n'zakuti wogwira ntchito wina anapereka kope mu Epulo chifukwa lisiti lenileni anali atalisokoneza, ndiye atalipeza m'chikwama mu Juni anaganiza kuti sanabwezeredwe. Kaya anaiwaladi kaya ayi, khomo lake linatseguka pomwe kope inalandiridwa popanda kulembapo kuti lenileni lasowa. Vochayo tinaikana, ndipo iye anabweza K7,200.

Chotchinga cha vuto ili ndi chidindo. Cheke chowonjezera chikangosainidwa, vocha iliyonse ndi lisiti lililonse la m'gululo zimadindidwa kuti zalipidwa, pamodzi ndi deti ndi nambala ya cheke, chidindocho chikugwira pa lisiti penipenipo, osati pa vocha pokha. Ndipo mtolo wonsewo subwereranso kwa wosunga bokosi.

Mavocha 160 ndi 161 anali ndi vuto la mtundu wina. Onse anali a inki ya makina osindikizira, imodzi K38,000, inzake K36,500, sitolo imodzi, tsiku limodzi, manambala a malisiti otsatizana. Kunena zoona kunali kugula kumodzi kwa K74,500 komwe anakudula pawiri kuti kulowe pansi pa malire a K40,000. A manijala sanabise. Anati malipoti a opereka thandizo ankafunika sabata yomweyo ndipo kudikira makotesheni atatu ndi cheke cha kulikulu kukanawachedwetsa. Inkiyo ndinaiona, ina ili m'makina, ina m'kabati, ndipo malisiti anali enieni a makina a EFD, aja otulutsa malisiti a msonkho. Ndalama inagwiradi ntchito ya bungwe, choncho ndinaibweza, koma ndinalemba nkhaniyi m'lipoti la kwa mkulu wa za chuma monga kuphwanya malire. Ena akanaikana kuti likhale phunziro. Ine ndinaona kuti kukana kukanalanga mayi wosunga bokosi, yemwe bokosi lake likanakhala loperewera K74,500 pa chinthu chomwe analamula ndi bwana wake. Onaninso kuti mavocha awiriwa okha anadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a fuloti yonse. Malire a vocha imodzi alipo pa chifukwa chimenechi.

Pa malisiti a EFD pali kanthu kena koyenera kudziwa. Bungwe lathu silinalembetse msonkho wa VAT ku MRA, choncho mtengo wonse wa pa lisiti umapita ku akaunti ya chogulidwacho. Kampani yolembetsa imayenera kupatula msonkhowo poika mavocha m'buku, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Nthawi imeneyo VAT inali 16.5 peresenti, ndipo K38,000 ndi mtengo womwe msonkho uli kale mkati. Msonkho wake si K6,270 yomwe mumapeza mukangotenga 16.5 peresenti ya K38,000. Mumachulukitsa ndi 16.5 n'kugawa ndi 116.5, zomwe zimapereka pafupifupi K5,382.

Cheke

Malipiro a mwezi anali atalowa, ndiye mlangizi uja anabweza K15,000 yake tsiku lomwelo, kapepala kake n'kung'ambidwa iye akuona. K6,000 ya matumba inatuluka m'bokosi kupita kubanki. Pepala lomaliza loyanjanitsa linaoneka motere:

| Mbali ya mavocha | K |
|---|---|
| Zolembedwa m'buku | 289,300 |
| Kukonza vocha 149 | + 3,600 |
| Vocha 156, pa mtengo wa pa lisiti | + 17,000 |
| Vocha 164, ya otsitsa katundu | + 5,000 |
| Vocha 158, yokanidwa | − 7,200 |
| Mavocha ovomerezeka | 307,700 |
| Zoperewera zovomerezedwa | + 600 |
| Cheke | 308,300 |

Mbali ya ndalama inayenera kuvomereza. Pa K72,500 tinachotsa K6,000 ya matumba, kutsala K66,500. Tinaonjezapo K3,000 ya chenji cha dalaivala, K15,000 ya ngongole ndi K7,200 ya lisiti lolipidwa kawiri, n'kukwana K91,700. Mukaphatikiza K91,700 ndi K308,300 mupeza K400,000. Njira ziwiri zija tsopano zinakumana pa nambala imodzi, ndipo apa ndi pomwe ndinasaina. Chekecho chinachepa ndi K19,200 poyerekeza ndi pempho loyamba.

Cheke timachilemba m'dzina la wosunga bokosi, kuti pakhale umboni wa yemwe anakatenga ndalamayo, ndipo iye amasaina kuti yalowa m'bokosi. Ulendo uno ndinawapempha mayiwo kuti akapemphe kubanki kuti gawo lina likhale ma K1,000, ma K500 ndi ma K200.

M'leja, cheke chowonjezera sichikhudza akaunti ya petikashi. Akaunti imeneyo imakhala pa K400,000 chaka chonse. Zomwe zimalowa kudebiti ndi maakaunti a zogula: mayendedwe K96,400, zolembera ndi inki K88,000, magetsi ndi mayunitsi a foni K58,000, zakumwa za pamisonkhano ndi zotsukira K43,300, kukonzetsa galimoto ndi ganyu K22,000, komanso zoperewera K600. Kukirediti kumapita banki, K308,300. Akaunti ya petikashi imasuntha pokhapokha fuloti yakwezedwa, yatsitsidwa kapena yatsekedwa, monga muja tinaidebita ndi K150,000 pochoka pa K250,000. Mukatsegula leja ya bungwe lomwe likuti limatsata impiresiti n'kupeza akauntiyi ikukwera ndi kutsika mwezi uliwonse ndi ma K200,000 ndi ma K300,000 ozungulira bwino, dziwani kuti impiresiti inasiyidwa kalekale, akungothira ndalama bokosi likalira.

Izi zikufotokozanso chifukwa chomwe bokosi liyenera kuwonjezeredwa pa tsiku lotseka chaka, ngakhale lisanafike pa mlingo wopemphera. Mavocha omwe ali m'bokosi sanalowe m'leja. Tikanadikira Julayi, mabuku a pa 30 Juni akanasonyeza K400,000 ya ndalama m'manja pomwe zenizeni ndi K91,700, ndipo zogula za K307,700 zikanagwera m'chaka chomwe si chake.

Zomwe zinasintha, ndi pempho lomwe ndinakana

Fomu yopemphera ndalama tinaisintha. Tsopano ili ndi mizere iwiri yoyang'anizana, wina wa fuloti kuchotsera ndalama zowerengedwa, wina wa mavocha owonkhetsedwa, ndi mzere wachitatu wa kusiyana kwake womwe uyenera kukhala ziro kapena kufotokozedwa a manijala asanasaine. Pamwamba pake pamalembedwa nambala ya vocha yoyamba, yomaliza ndi kuchuluka kwa mavocha omwe ali mumtolo, kuti yosowa izioneka isanafike kulikulu. Mayiwo anayamba kuwerenga bokosi Lachisanu lililonse asanaweruke, wina akuona. Kuwerenga kwa sabata ndi sabata kukanagwira vocha ya dalaivala ndi ya otsitsa katundu zikadali m'mutu mwa anthu. A manijala anapatsidwanso mphamvu yovomereza okha ndalama yothandizira wogwira ntchito pa zadzidzidzi, yolipidwa kuchokera kubanki n'kudulidwa pa malipiro.

A manijala anapemphanso kuti fuloti ikwere kufika pa K600,000, ponena kuti K400,000 sikukwana. Ndinayang'ana nthawi yomwe mavocha 141 mpaka 164 anatenga, ndipo inali pafupifupi mwezi wathunthu. Pa K307,700 ya mavocha ovomerezeka mukachotsa K74,500 ya inki, yomwe siinayenere kudutsa m'bokosi, patsala K233,200 pa mwezi. Fuloti ya K400,000 yopemphera pa K100,000 imapereka K300,000 yogwiritsa ntchito, ndipo imeneyi ikupyola K233,200 ndi ndalama yokwanira sabata ina yathunthu. Bokosi linkaoneka louma chifukwa munkatuluka ngongole, inki ndi ndalama zogona m'galimoto. Kukweza fuloti kukanangochulukitsa ndalama zogona m'dirowa la ofesi yopanda mlonda wa masana, komanso kutalikitsa nthawi pakati pa kuyanjanitsa kumodzi ndi kunzake. Ndinalemba kuti ikhalebe pa K400,000, kuti inki izigulidwa kuchokera kulikulu miyezi itatu iliyonse, ndipo kuti tidzaunikanso mlingowu ngati nthambi itayamba kupempha kawiri pa mwezi ndi mavocha oyera okhaokha.